Fomu ya pa webusaiti ya mphwanga ikukana kutumiza uthenga

Abale anga a kuno ku Harare, ndithandizeni nzeru. Mphwanga wamaliza maphunziro a zamagetsi ku Harare Polytechnic, ndiye ndamukonzera kawebusaiti kofunira ntchito pa GitHub Pages. CV ikutsitsika bwinobwino, zithunzi za masola amene anaika ku Mufakose zikuoneka. Vuto lili pa fomu yolumikizirana naye. Munthu akalemba uthenga n'kudina batani, pakubwera izi:

```
405 Not Allowed
```

Chifukwa chake ndachimva: GitHub Pages imangoonetsa mafayilo, ilibe pulogalamu yolandira zimene fomu yatumiza. Ndiye ndilumikize fomuyo ku Formspree kuti uthenga uzifika pa imelo, kapena ndiichotse, ndingoika linki ya `wa.me/263` yotsatana ndi nambala yake popanda ziro woyamba?

Mtima wanga uli pa WhatsApp, poti mabwana ambiri kuno sachedwa ndi imelo. Koma nambala ikakhala poyera, akathyali aja olonjeza ntchito n'kumapempha kaye ndalama samuvutitsa? Nambala ya chitupa ndi ya nyumba ndachotsa kale pa CV. Inu amene munalembedwa ntchito kudzera pa webusaiti, anakupezani njira iti?