Ndinalengeza alendo 52, amayi anaphikira anthu 70: ndinalakwitsa pati?

Nachisale wa ku Area 25: Akuluakulu ndi anzanga nonse, ndithandizeni. Anandisankha kukhala mlembi kumpingo kwathu ndipo ndine ndimawerenga zolengeza Lamulungu. Madoda anandipempha kuti ndizinena manambala m'Chichewa chifukwa agogo ambiri amadandaula. Ndiye tinali ndi alendo 52 ochokera ku Dedza, akubwera pa 5 Julayi. Ine ndinaima kutsogolo n'kunena kuti: "Tilandira alendo makumi asanu ndi awiri pa tsiku lachisanu la mwezi wa Julayi." Amayi a chigwirizano anasonkhetsa ufa ndi nkhuku za anthu 70. Gogo wina anafika ndi nkhuni zake pamutu Lachisanu, pomwe 5 Julayiyo linali Loweruka. Tsopano akuti mlembi sadziwa kuwerenga. Kodi 52 m'Chichewa si makumi asanu ndi awiri? Lamulungu likubwerali ndikuyeneranso kunena kuti chopereka chinakwana K37,500, ndipo mtima uli phaphapha.

Che Jafali: Kkkk nsima yotsalayo munatani nayo? Mukanatiitana ife a ku Mtandire.

Mai a Tadala: Achemwali, n'zosavuta izi. Mvetserani kumapeto kwake. Akati "awiri" ndi 70, akati "ziwiri" ndi 52. Munayenera kunena makumi asanu ndi ziwiri basi.

Aphunzitsi Opuma (Kawale): Mai a Tadala, zimene mwanenazo zimatheka powerenga mbuzi. Mbuzi makumi asanu ndi ziwiri ndi 52, chifukwa "ziwiri" ikuloza mbuzizo. Mbuzi makumi asanu ndi awiri ndi 70, chifukwa "awiri" ikuloza makumi, ndiye kuti makumi asanu kuphatikiza makumi ena awiri. Koma mwana wathuyu amawerenga anthu. Sanganene kuti alendo ziwiri, akhala ngati akuwatukwana.

Vuto lagona apa, mwanawe. Chichewa chili ndi mawu a 1 mpaka 5, kenako chimalumphira pa khumi. Zapakatizo timachita kumanga: 6 ndi zisanu ndi chimodzi, 7 ndi zisanu ndi ziwiri. Makumi nawonso timawamanga chimodzimodzi. Tsono "anthu awiri" ndi "makumi awiri" onse amayamba ndi a-, ndiye khutu silingasiyanitse ngati awiriwo ndi anthu kapena makumi. Matumba, mabuku ndi madengu nawonso amakola pa msampha womwewu. Amayiwo anamva bwino ndithu, ndipo amene anakulira kuwerenga Baibulo la Chichewa anazolowera kuti mawu amenewo ndi 70.

Mankhwala ake ndi liwu loti mphambu, kutanthauza zotsalira pamwamba pa makumi. Mukanati "alendo makumi asanu mphambu ziwiri" palibe akanaphika nsima ya anthu 70. Apa "ziwiri" sakutukwana munthu, ikugwirizana ndi mphambuzo. 51 ndi makumi asanu mphambu imodzi, pamene 60 ndi makumi asanu ndi limodzi, limodzilo kukhala khumi. Yesani 72: makumi asanu ndi awiri mphambu ziwiri. Ena amaika "kudza" pamalo pomwepo, zimamvekanso.

Nachisale wa ku Area 25: Zikomo bambo, tsopano ndaona pamene panapindikira. Nanga za gogo wa nkhuni uja?

Aphunzitsi Opuma (Kawale): Gogoyo alibe mlandu. Mayina a masiku athu ndi manambala kale: Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu, kuwerengera kuyambira Lolemba. Munthu akamva "tsiku lachisanu" samadikira kuti mumalize chiganizo, wakonza kale za Lachisanu. Masiku a 2, 3, 4 ndi 5 a mwezi uliwonse ndi oopsa choncho. Ine ndimayamba ndi tsiku la pa sabata, deti pambuyo: "Loweruka, pa faifi Julayi." Deti musalivutikire kulimasulira. Ngakhale agogo akumudzi amati dziko lino linalandira ufulu pa sikisi Julayi 1964, sindinamvepo wina akunena chakacho ndi chikwi ndi mazana.

Bambo Mbewe: Apa ndiye sindikugwirizana nanu aphunzitsi. Mukuuza mwana kuti azinena faifi kutsogolo kwa mpingo? Chilankhulo chimafa chonchi. Makolo athu anali ndi zana, anali ndi chikwi. K37,500 anene bwinobwino m'Chichewa.

Mlongo wa pa Tsoka: Chabwino bambo Mbewe, tiyeni tiyese. Makwacha zikwi makumi atatu mphambu zisanu ndi ziwiri kudza mazana asanu. Mukamafika pa mazanapo, anthu aiwala kale kuti munayamba ndi makumi angati. Ine ndimagulitsa kaunjika, tsiku lonse ndimatchula mitengo, ndipo sindinamvepo kasitomala akufunsa diresi ndi zikwi. Timati sate seveni faifi, tathana. Koma nafenso tili ndi misampha yathu. "Thuu faifi" pa bulauzi ndi K2,500, pa jekete labwino ikhoza kukhala K25,000, munthu amadziwira pa katunduyo. Pachopereka palibe katundu woti ayang'ane, ndiye achemwali nenani zonse: sate seveni sauzande faifi handiredi kwacha. Ndipo chenjerani ndi fifitini ndi fifite, satini ndi sate, makamaka pa maikolofoni yokhosomola. Mukati fifitini onjezani kuti "wani faifi". Ndinalongedzerapo mayi wina malaya 50 pafoni, iye akufuna 15.

Bambo Mbewe: Kumsika ndi kumsika, kutchalitchi ndi kutchalitchi.

Kondwani Trans: Za nthawi mwazisiya bwanji? Ine ndimakatenga katundu ku Kyela. Tsiku loyamba mnzanga wa kumeneko anandiuza kuti tikumane "saa mbili", ine kumva kuti thuu koloko masana, osadziwa kuti kwawoko amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, ndiye saa mbili ndi eyiti koloko m'mawa. Kuwonjezera apo wotchi ya ku Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi. Ndinamupeza atapita kalekale.

Mai a Tadala: Achimwene, funso ndi la ku Area 25, inu mwatifikitsa ku Songwe.

Aphunzitsi Opuma (Kawale): Musamuthamangitse, wakumbutsa chinthu. Kuno sitiwerenga ngati a Chiswahili, koma mukanena kuti "ola lachisanu ndi chitatu" anthu amayamba kuwerenga zala, ndipo ena agwira "lachisanu" lokha n'kubwera faifi koloko, kapena Lachisanu ngati gogo uja. Nenani eyiti koloko, hafu pasiti thuu, ndipo musasiye kutchula mbali ya tsiku: m'mawa, masana, madzulo kapena usiku. Sikisi koloko yopanda mchira imabweretsa ena m'bandakucha, ena dzuwa likulowa. Mutchulenso bwino "mawa" ndi "m'mawa", chifukwa pa sipika zimamveka ngati liwu limodzi. Ngati ndi zonse ziwiri, nenani kuti mawa m'mawa.

Pa ndalamazo ine ndili pakati. Ndikanakhala ine ndikananena kawiri, koyamba monga akunenera mlongo wa pa Tsoka, kachiwiri m'Chichewa pang'onopang'ono, ndikupuma pambuyo pa "ziwiri" ndisanafike pa mazana. Koma ziwerengero zikakhala khumi pa pepala limodzi, mapemphero atha thuu koloko.

Nachisale wa ku Area 25: Zilipo zisanu ndi zitatu bambo, mphakati uliwonse ndi chake. Ndaganiza kuti anthu ndi masabata ndiziwerenga m'Chichewa ndi mphambu zakezo, deti ndi nthawi monga mwanenera. Za ndalama ndikafunsa kaye madoda Loweruka, chifukwa amene anadandaula poyamba uja amalankhula ndendende ngati bambo Mbewe.

Che Jafali: Funso langa la nsima silinayankhidwebe.