Thandizeni: khoti limadziwa bwanji kuti wilo ndi yeniyeni?

Muli bwanji nonse abale? Ndikulemba kuchokera ku Chipoka, ku Salima. Bambo anga anatisiya mu Meyi. Titangomaliza maliro, mchimwene wawo anatulutsa pepala loti ndi wilo yopatsa iyeyo nyumba ndi boti la usodzi.

Takhalirana pabanja kawiri, tapita kwa amfumu, koma zakanika. Ndawerengako lamulo la chuma cha masiye la 2011: wilo ilembedwe, mwiniwake asainire pamaso pa mboni ziwiri zili pamodzi, nazonso zisainire iye akuona, ndipo akhale woganiza bwino. Chikundiwawa n'chakuti papepalapo pali chidindo cha chala, pomwe bambo ankasaina ndi cholembera moyo wawo wonse. Tsiku lake ndi la sabata imene anagonekedwa m'chipatala atachita sitiroko, osatha kunditchula dzina ine mwana wawo. Mboni imodzi ndi mkazi wa mchimwene wawoyo, inayo inamwalira.

Kodi khoti lingalandire fayilo ya kuchipatala ngati umboni woti sankazindikira zimene akuchita? Chidindocho angachiyerekeze ndi chiyani, poti mwiniwake anapita? Nanga mkazi wa wolandira chuma akakhala mboni, imagwa ndi wilo yonse kapena gawo la mwamuna wake lokha? Amene munadutsamo, chonde ndiuzeni poyambira.