Lipoti la kwa abwana ndikagwa ndi njinga pamsewu wonyowa, ndilembe zotani?

Wadeliva wa ku Chirimba:
Akuluakulu, ndithandizeni. Dzulo masana ndinagwa ndi njinga yamoto ya kampani pa raundabauti ya Kameza, mvula itangoyamba kuwaza. Ndasupuka chigongono ndi bondo lakumanja, dzanja likupweteka. Njinga yathyoka chogwirira buleki ndi galasi, ndipo makeke a kasitomala aphwanyika m'bokosi. Abwana akufuna lipoti mawa m'mawa. Ndalemba kuti: "Ndinagwa chifukwa kunagwa mvula ndipo msewu unali woterera. Ndikupepesa." Kodi zakwana?

Kapitawo Mayi Nangondo:
Pepani achimwene, koma sizinakwane. Msewu umenewo munadutsa njinga zambiri dzulo ndipo sizinagwe, ndiye wowerenga adzafunsa kuti inuyo chinasiyana n'chiyani. Mukapanda kuyankha nokha, adzadziyankhira kuti munkathamanga. Mawu opepesawo achotseninso, lipoti si kalata yopepesa, ndipo likalowa mu fayilo limaoneka ngati mwavomera kulakwa musanafunsidwe.

Yambani ndi zinthu zosatsutsika: tsiku, nthawi mpaka mphindi zake, malo enieni ndi kumene munkalowera, nambala ya njinga, makilomita amene ali pa mita, ndi nambala ya oda imene munanyamula. Oda imeneyo ndi imene ikusonyeza kuti munali pantchito, osati paulendo wanu. Kenako fotokozani motsatana zimene zinachitika. Tandiuzani kaye: munali giya yanji, chinakupangitsani kugwira buleki n'chiyani, ndipo linayamba kuterereka ndi tayala liti?

Wadeliva wa ku Chirimba:
Inali 2:40, ndinkachokera m'tauni kupita ku Chileka. Giya yachitatu, mwina 30. Ndili mkati mwa raundabauti, minibasi inaima mwadzidzidzi kutsogolo kwanga. Ndinafinya buleki yakutsogolo, ndinangozindikira ndili pansi. Za tayala sindikudziwa.

Makaniko wa ku Ndirande:
"Kungozindikira uli pansi" kumeneko ndi tayala lakutsogolo. Lakumbuyo likaterereka limachenjeza: kumbuyo kwa njinga kumayamba kupita chammbali, umamva, ndipo nthawi zambiri ukasiya buleki imabwerera. Lakutsogolo likamangika njinga itapendekeka, handulo imapindikira mkati ndipo palibe mpata woponda pansi. Pa raundabauti timazungulira titapendekera kumanja, ndiye kugwera kumanja n'kogwirizana ndi zimene mwanena.

Njinga imafotokoza yokha nkhaniyi, choncho lipoti lanu ligwirizane nayo. Yogwera kumanja imapalika ekizozi, chopondera buleki, popondapo phazi, indiketa, galasi ndi chogwirira buleki. Yogwera kumanzere imapinda chosinthira magiya ndi chogwirira kilachi. Lembani chilichonse pachokha, ndipo musiyanitse chothyoka, chopindika ndi chongopalika, chifukwa mitengo yake ndi yosiyana kwambiri.

Pali zina zosaoneka msanga zimene zimadzabweretsa mkangano pakatha sabata. Imani kutsogolo kwa njinga, panani tayala ndi mawondo, muone ngati handulo yaloza limodzi ndi tayala. Ikakhota, mwina mafoloko angopotoka m'zomangira zake, zomwe zimakonzeka pomasula maboti n'kuwongola, kapena handulo yapindika. Gwirani buleki n'kukankhira kutsogolo pansi kangapo: mafoloko azilowa ndi kutuluka mosagwira, ndipo pasakhale mzere wa oilo pa mipope yonyezimirayo. Kwezani tayala, lizunguzeni, muone ngati limu ikugwedera. Zimene simunathe kuyesa lembani kuti "sizinayesedwe, zikufunika makaniko," ndipo njingayo isatuluke asanaione.

Jah Kabaza:
Aise, osadzivuta. Lemba kuti unali pa 15 ndipo galu anadumpha msewu. Ukalemba 30 ndi buleki yakutsogolo akudula malipiro, ndikukuuza.

Kapitawo Mayi Nangondo:
Ayi, zimenezo zingamuchotsetse ntchito. Njinga zina za deliva zili ndi thiraka yosunga liwiro ndi kumene njinga yadutsa, ndipo ngakhale palibe, kutalika kwa pamene njinga inakhwekhwereka ndi kuzama kwa mikwingwirima pa ekizozi zimasonyeza liwiro. Bodza limodzi likagwidwa, zoona zonse za m'lipotimo zimakayikiridwa. Chimene Jah wanena choona n'chakuti mawu amene walemba amakutsata. Ndiye lembani zimene mukudziwa basi. Ngati simunayang'ane mita, lembani kuti "ndinali giya yachitatu, liwiro pafupifupi 30, sindinayang'ane mita panthawiyo." Musalembe kuti "ndinalakwitsa kugwira buleki," lembani kuti "ndinagwira buleki yakutsogolo popewa minibasi." Kugamula wolakwa si ntchito ya lipoti lanu.

Che Adamu wa ku Limbe:
Nkhani ya msewu mwaidumpha. "Woterera" sakwanira, nenani chinali pansi. Mvula yongoyamba kumene, makamaka yoyamba pambuyo pa chilimwe, ndi yoipa kuposa yamphamvu imene yagwa ola lathunthu, chifukwa imanyowetsa fumbi, oilo ndi dizilo zomwe zaunjikana pa tala koma siinazikokolole. Pa maraundabauti dizilo amakhala wambiri: malole ndi maminibasi akamakhota, amatayika pa chivundikiro cha thanki chosatseka bwino, n'kugwera chakunja kwa msewu wokhoterawo. Pamadzi amaoneka ngati utawaleza ndipo amanunkha. Palinso penti yoyera ya mizere, zivundikiro zachitsulo, ndi matope amene madzi amakokolola kuchokera m'misewu yafumbi. Munaona chiti pa zimenezi?

Zithunzi zikanajambulidwa nthawi yomweyo, njinga isanadzutsidwe ngati kunalibe ngozi ya magalimoto. Poti papita tsiku, pitanibe lero mukajambule malowo kuchokera kumene munkachokera, koma mulembe kuti zajambulidwa mawa lake. Anyamata oitanira ndi ogulitsa malonda pamenepo amakhala omwewo tsiku ndi tsiku, mupeze mmodzi amene anaona, mumupemphe nambala yake.

Wadeliva wa ku Chirimba:
Utawaleza ndinauona pamene ndinkadzutsa njinga, ndipo buluku langa likununkha dizilo mpaka pano. Ndinajambula zithunzi ziwiri za njinga ili pansi.

Che Adamu wa ku Limbe:
Bulukulo musachape, liikeni mu jumbo. Zithunzizo zitumizeni monga zilili mufoni kuti nthawi yake isafufutike.

Mlongo wa Maofesi:
Ine ndimaona ngati pakufunika lipoti la apolisi. Pitani ku tirafiki akulembereni, a inshulansi ndi limene amafuna.

Kapitawo Mayi Nangondo:
Achemwali, limenelo ndi lina. Iye akufunsa la kuntchito, lolemba yekha. Koma mwakumbutsa bwino: pamene munthu wavulala, kudziwitsa apolisi kusachedwe, ndipo m'lipoti alembe ngati anapita, polisi iti, liti. Za inshulansi, abwana ndi amene akudziwa mtundu umene anadula. Ikakhala ya thedi pate, imalipira anthu ena amene wawaonongera, njinga yako yomwe siikhudza.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi dzanjalo. Mwapita kuchipatala? Munthu akamagwa amatsogoza chikhatho, ndipo pali kafupa kakang'ono m'munsi mwa chala chachikulu kamene kamathyoka popanda kutupa kwambiri, nthawi zina osaoneka pa ekisire yoyamba. Pakamapweteka mukadina pakadzenje ka m'munsi mwa chalacho, auzeni adokotala zimenezo. Alembe m'buku lanu lakuchipatala kuti ndi ngozi ya njinga pantchito, ndi tsiku lake. M'lipoti tchulani paliponse pamene pakupweteka, ngakhale pang'ono, phewa ndi khosi zomwe. Lamulo la chipukuta misozi kwa ovulala pantchito la 2000 limadutsa kwa olemba ntchito ndi ku ofesi ya zantchito, ndipo bala limene silinalembedwe poyamba limavuta kulilumikiza ndi ngoziyo pambuyo pake. Nenaninso ngati chipewa chinamenya pansi. Chikamenya chisinthidwe ngakhale kunja chikuoneka bwino, chifukwa chofewa cham'katicho chimaphwanyika kamodzi.

Pakati pa lipoti pangamveke chonchi:

"Nthawi ya 2:40 masana ndinalowa raundabauti ya Kameza kuchokera m'tauni kupita ku Chileka, nditanyamula oda nambala yakuti. Mvula inali itangoyamba kuwaza. Ndinali giya yachitatu, liwiro pafupifupi 30. Minibasi imene inali kutsogolo inaima mwadzidzidzi. Ndinagwira buleki yakutsogolo njinga itapendekera kumanja, tayala lakutsogolo linaterereka ndipo ndinagwera kumanja. Sindinagunde galimoto kapena munthu. Pamalopo panali dizilo pamwamba pa madzi. Ndinali nditavala chipewa. Ndinaimbira ku ofesi nthawi yakuti ndipo ndinalankhula ndi akuti."

Pansi pake mabala, kenako zoonongeka pa njinga, kenako katundu: makeke angati aphwanyika, angati ali bwino, anabwezedwa kwa ndani. Sainani, lembani tsiku, ndipo wolandira asaine pa kope yanu.

Makaniko wa ku Ndirande:
Patsala tayala. Lakutsogololo lili bwanji? Yang'anani m'mbali mwake pali kachizindikiro ka TWI kapena kamuvi, kutsata pamenepo m'ngalande muli kachitunda. Mano akalingana ndi kachitundako, tayala latha, silingachotsenso madzi. Yezaninso mpweya tayala lili lozizira, muyerekeze ndi zolembedwa pa sitika ya pafupi ndi tcheni. Opopa m'mbali mwa msewu ambiri amangodina ndi chala, ndipo tayala lopopedwa mopitirira limagwira pansi ndi kachigawo kochepa.

Wadeliva wa ku Chirimba:
Pakati lasalala, kachitundako kafika pamwamba. Ndinawauza a sitolo ya kampani mwezi watha koma pakamwa chabe. Ndilembe?

Jah Kabaza:
Usayerekeze. Adzakufunsa kuti unakwereranji njinga ukudziwa kuti tayala latha.

Makaniko wa ku Ndirande:
Lembani. Njingayo ikafika pa benchi tayala lidzaoneka basi, ndipo mukalisiya mawa akwera mnzanu n'kukagwa nalo. Jambulani mano ake pafupi, kachitundako kaoneke.

Kapitawo Mayi Nangondo:
Funso la Jah adzakufunsanidi, konzekerani. Ine ndingalembe chiganizo chimodzi chopanda kuloza chala: "Tayala lakutsogolo lafika pa chizindikiro chakutha, ndinadziwitsa a sitolo pakamwa sabata yakuti ya mwezi watha." Ngati panali mnzanu pamene munkanena, mutchuleni atavomera.

Mlongo wa Maofesi:
Nanga akati amudule malipiro a galasi ndi makeke?

Che Adamu wa ku Limbe:
Zimatengera kalata yake ya ntchito ndi zimene apeze akamva mbali yake. Makampani ena amadula, ena ayi. Chachikulu asasaine pepala lovomera kudulidwa tsiku lomwelo popereka lipoti, alitenge akaliwerenge kaye, ndipo likamukayikitsa akafunse ku ofesi ya zantchito.

Wadeliva wa ku Chirimba:
Zikomo akuluakulu. Ndikupita kuchipatala kaye, pobwera ndidzera pa Kameza kukajambula. Nambala ya minibasi sindinaione, ndingolemba kuti inali yoyera ndipo siinadikire?

Kapitawo Mayi Nangondo:
Eya, lembani choncho, ndi kuti nambala simunaione. Ndipo dzanja limenelo lisagwire handulo mpaka adokotala atanena, kwerani minibasi.