Ndasankha za maakaunti

Mwezi watha ndidafunsa kuti: "Ndimayenda pa njinga ya olumala, ndisankhe uphunzitsi kapena za maakaunti?"

Zikomo nonse amene mudandilangiza. Ndalembetsa maphunziro a ICAM, bungwe la akatswiri a za maakaunti m'Malawi muno, chifukwa ntchito ya maakaunti yambiri imagwiridwa munthu atakhala pansi pa kompyuta. Koma chimene chandivuta kwambiri ndi nyumba zogwiriramo. Kampani ina ku Blantyre idandiitana kukaphunzira ntchito, koma ofesi yake ili pamwamba, masitepe okhaokha, ndipo chitseko cha chimbudzi n'chopapatiza moti njinga singalowe. Tsopano ndisanavomere ndimapita kukaona ndekha: polowera, chimbudzi, komanso ngati mawondo akulowa pansi pa desiki. Kwina adavomera kusamutsira desiki yanga m'chipinda chapansi, ndipo ndiyamba Lolemba.