Utoto wa makoko a anyezi ukuchoka ndikachapa, ndithandizeni

Abale a pagulu pano ndithandizeni nzeru. Ndimasoka mapilo ndi nsalu za patebulo, ndiye makasitomala ena akufuna zonyika mu utoto wa zomera osati dayi wa mu shopu. Ndinatenga kaliko woyera wolemera magalamu 500, theka ndinaphika ndi makoko a anyezi theka lina ndi nthangala za mapeyala, ndinathira mchere wambiri ndi viniga monga anandiuzira anzanga. Potuluka mumphika inali yokongola zedi, ya anyezi yachikasu chakupsa, ya mapeyala yofiirira ngati pinki, koma nditangochapa kachiwiri ndi sopo wa ufa yatuwa, ya anyezi yachita mawangamawanga. Sindingagulitse chinthu choti munthu abweze mawa lake. Amene mumadziwa, chogwiritsa utoto pa thonje ndi chani kwenikweni?

Mayi wa salaula: Mcherewo unachepa asisi. Ine zitenje zatsopano ndimaviika mu mchere usiku wonse ndisanachape, sizisuluka.

Mayi wa tayi ndi dayi: Pepani amayi, mchere umathandiza pa dayi wina wa mu shopu kuti alowe msanga mu nsalu koma utoto wa masamba saugwira ayi, ndi viniga yemwe. Achemwali ofunsa, musanapite patali yesani kaye nsaluyo, zomolani kaulusi muyatse ndi machesi. Thonje lenileni limapsa ngati pepala nkusiya phulusa lofewa, koma kakasungunuka nkupanga kampira kolimba kakuda ndiye kuti muli poliyesita, imeneyo ngakhale mutani siimwa utoto wa zomera. Komanso kalikoyo munamuwiritsa musananyike kapena munangomuchapa?

Wofunsa: Ndayatsa, wapsa mpaka phulusa. Kuwiritsa ayi, ndinangomutsukuluza mmadzi ozizira poti anali watsopano.

Mayi wa tayi ndi dayi: Mawanga aja achokera pamenepo. Nsalu yatsopano imabwera ndi sitachi wa kufakitale, ndipo thonje palokha lili ndi phula ndi timafuta, utoto umangokhala pamwamba pa zimenezo ndiye sopo akabwera zonse zimapitira limodzi. Pa magalamu 500 anuwo thirani madzi malita 10 mumphika waukulu, masupuni awiri aakulu a soda wochapira ndi kasopo pang'ono, ziwire pang'onopang'ono maola awiri mukutembenuza. Madziwo muwaone, atuluka achikasu ngati tiyi wopanda mkaka ngakhale nsalu inkaoneka yoyera mbee. Mukatsukuluza nkuyanika, donthezani madzi pansalupo, akalowa nthawi yomweyo ndiye kuti nsalu yakonzeka, akakhala kaye ngati kamkanda bwerezani.

Zikatero sitithamangira ku alamu, mwala woyera uja wogwiritsa utoto pa nsalu. Ubweya wa nkhosa umagwira alamu wokha koma thonje ayi, limafuna tanini kaye, kaja kamakhakha pakamwa mukaluma nthochi yosapsa. Tanini amamatirira ku thonje, alamu amagwira pa tanini, utoto nkudzagwira pa alamu. Mukadumpha chimodzi mwataya nkhuni zanu. Ine ndimatola makungwa a bulugamu omwe amasupuka okha aja, olemera ngati theka la nsalu, ndimawaduladula, kuviika usiku, mawa kuwiritsa ola limodzi nkusefa. Nsalu ilowe madziwo ali ofunda osati owira, igone momwemo.

Mnyamata wa ku Lilongwe: Bwanji osangogula dayi wa kachitini? Ine jinzi yanga ndinadaya yakuda chaka chatha mpaka pano ilibwino.

Wofunsa: Achimwene makasitomala akufuna za zomera, ndi zomwe akulipirazo. Amayi pitirizani, alamuyo ndithire wochuluka bwanji?

Mayi wa tayi ndi dayi: Magalamu 15 pa magalamu 100 aliwonse a nsalu youma, ndiye inuyo 75. Yezani pa sikelo osati ndi maso, akachuluka nsalu imakhakhala. Sungunulani mmadzi otentha, padera sungunulani magalamu 10 a soda uja, muphatikize pang'onopang'ono chifukwa zimachita thovu kwambiri zitha kusefukira. Onjezani madzi ofunda okwana kumiza nsalu, finyani nsalu yochokera mu makungwa ija, muitsukuluze pang'ono, ilowe, maola awiri kapena igone. Mukaitulutsa tsukuluzani bwinobwino, alamu wotsala pamwamba amakagwira utoto mmadzi mmalo mwa pansalu, kenako mumaona ukuyoyoka ngati fumbi. Makoko a anyezi akhale ochuluka, magalamu 250 pa nsalu yonseyo, ndipo ndi opepuka ndiye ndi jumbo lodzadza, kapempheni kwa ogulitsa anyezi kumsika amangotaya. Wiritsani ola, sefani, nsalu ikhalemo ola pa moto wochepa, izizire momwemo. Yanikani pamthunzi ndipo isaone sopo sabata yathunthu.

Koma ndikuuzeni chilungamo, makungwa a bulugamu amadetsa nsalu pang'ono ndiye chikasu chanu chituluka chopita ku golide wakuda, sichiwala ngati choyamba chija. Chokhalitsa ndi chimenecho.

Bambo wa ku Mulanje: Pa mapeyala paja sindikugwirizana nanu kwenikweni mayi. Nthangala zili ndi tanini wake kale, akazi anga amanyika opanda alamu opanda makungwa ndipo nsalu za patebulo zikadali ndi mtundu. Chomwe amapewa ndi kuwiritsa mwamphamvu, zikabwadamuka pinki uja amasanduka bulauni.

Mayi wa tayi ndi dayi: Za kubwadamuka mwanena zoona bambo. Tanini alimodi, makungwa atha kuwasiya pa mapeyala, komanso angadetse pinkiyo. Koma alamu ine sindisiya, zanga zopanda alamu zimafwifwa msanga zikamaona dzuwa. Kapena madzi anu a kuphiri ndi osiyana ndi athu a mjigo, madzi amasinthanso mtundu.

Telala wa ku Mzuzu: Poti akatswiri muli pompano, ine langa ndi lina. Ndinamva zoviika misomali yadzimbiri mu viniga, ndinanyikamo nsalu ya anyezi usiku wonse, inada bwino ngati yunifomu ya asilikali koma pano ikung'ambika mopindamo. Ndi nsalu yoipa kapena?

Mayi wa tayi ndi dayi: Si nsalu, chitsulo chinachuluka ndipo inakhalitsamo, dzimbiri limadya ulusi. Madzi a misomali timathira pang'ono chabe mu ndowa ya madzi ozizira, nsalu ilowe mphindi zochepa mukuyang'ana, ikangotembenuka mtundu tulutsani mutsukuluze kwambiri. Ndowa yake ikhale yakeyake, kadontho kamodzi pa nsalu yachikasu ndi banga losachoka. Madzi omwewo ndi abwino poyesera makungwa, donthezani mu kapu ya madzi a makungwa, akada bii muli tanini wokwanira.

Mayi wa salaula: Nanga chidede ndi bitiruti? Zimafiira bwino zija.

Mayi wa tayi ndi dayi: Zimenezo imwani ndi kudya basi amayi, ngakhale ndi alamu sizikhala. Tameriki nayenso amathawa dzuwa, ndipo akakumana ndi sopo amafiira. Achemwali ofunsa muziwauza makasitomala kuti azichapa ndi madzi ozizira ndi sopo wofatsa, sopo wa ufa ndi waukali amasintha mtundu, jiki ndiye asayerekeze.

Wofunsa: Zikomo kwambiri amayi, ndalemba zonse mu kope. Koma soda wochapirayo kuno sindinamuonepo, alipo ndi wophikira thelere ndi kositiki wopangira sopo. Chidulo sichingagwire?

Mayi wa tayi ndi dayi: Kositiki musamugwire, amaotcha manja ndi maso. Tengani wa thelereyo mumukazinge wouma mu poto wa sitilo pa moto mukutakasa mpaka asiye kutumphatumpha, wasanduka wochapira ameneyo. Alamu funsani mmashopu a zokometsera ndiwo kapena kufamase, ndi mwala woyera uja abambo amapaka akameta ndevu, mukausinje. Ndipo mphika wa utoto usabwererenso kukhitchini.

Bambo wa ku Mulanje: Chidulo chimagwira powiritsa nsalu, agogo athu ankachapira phulusa lomwelo.

Mayi wa tayi ndi dayi: Powiritsa mwina, vuto mphamvu yake siifanana, lero chaukali mawa chofooka, ndiye mu alamu musathire poti simungayeze. Yesani pa kachigamba kaye, mudule pawiri, china musunge mu kabati china muchape kasanu, mutiikire chithunzi pano zili pamodzi.

Wofunsa: Ndiyamba ndi kachigambako Loweruka. Funso lina, nsalu yatuwa ija ndingaiwiritse mu soda nkuyambiranso, kapena mawanga aja adzaonekabe pansi pa utoto watsopano?