Kalata yoyamba yopempha masampulo a nsalu: ndilembe bwanji kuti andiyankhe zomveka?

Mayi Naphiri

Anzanga a m'gulu lino, ndikupempha nzeru zanu. Ndili ndi kampani yaing'ono yosoka maovolosi, ndipo kwa zaka zingapo ndakhala ndikugula nsalu kwa anthu amene amapikula n'kumagulitsanso. Tsopano ndapatsidwa ntchito yosoka maovolosi 400, choncho ndinaganiza zoyesa kugula kufakitale yeniyeni imene imaluka ndi kunyika nsalu. Masabata awiri apitawo ndinatumiza imelo kumakampani atatu, ndipo mawu ake anali awa: "Ndikufuna nsalu yolimba ya maovolosi. Chonde nditumizireni masampulo, mitengo yanu, komanso mundiuze nsalu yochepetsetsa imene mungandigulitse." Makampani awiri sanayankhe n'komwe, pamene yachitatu inangolemba kuti "MOQ 3000", kutanthauza kuti nsalu yochepetsetsa imene angagulitse ndi 3,000, n'kuphatikizapo kabuku kosonyeza nsalu zawo zonse. Ovolosi imodzi imatenga pafupifupi mamita atatu, kutanthauza kuti ndikufunika mamita 1,200: abuluu 600, obiriwira 400 ndi otuwa 200. Kodi cholakwika ndi kalata yanga, kapena oda yanga ndi yochepa kwambiri moti ndingosiya?

Achimwene Jere

Mayi, anthu a kumafakitale amalandira makalata ambiri tsiku lililonse, ndipo amayamba kuyankha amene akuoneka kuti ndi ogula enieni. Pamutu wa imelo lembani dzina la nsalu ndi kuchuluka kwake, ndipo mafunso anu muwapatse manambala kuti oyankha asalumphe lina. Koma langizo langa lalikulu ndi lakuti musawauze kuti mukufuna mamita 1,200 okha. Lembani kuti mukufuna mamita 10,000, ndipo akakutumizirani masampulo ndi mtengo, m'pamene mudzatsitse chiwerengerocho.

Bambo Mbewe

Za mutu wa imelo ndi kupatsa mafunso manambala, a Jere anena zoona. Koma pa nkhani ya mamita 10,000 ndikutsutsana nawo kwambiri, chifukwa ndakhala ndikugulira makampani katundu kwa nthawi yaitali ndipo ndaona mathero a njira imeneyi. Mtengo umene adzakupatseni udzakhala wa mamita 10,000, inu mudzawerengera phindu lanu pa mtengo umenewo, ndipo tsiku limene mudzanene chiwerengero chenicheni mtengo udzakwera, masabata atatu atapita kale ndiponso ogulitsawo atasiya kukukhulupirirani.

Mayi Naphiri, vuto la kalata yanu ndi lakuti munthu woilandira sangathe kuiyankha ngakhale atafunitsitsa. Mawu akuti "nsalu yolimba" sakumuuza kanthu, poti fakitale imodzi ikhoza kukhala ndi nsalu makumi angapo zimene zonse ndi zolimba. Iye akufuna kudziwa ulusi umene nsaluyo yapangidwa nawo, kalukidwe kake, kulemera kwake ndi m'lifupi mwake. Maovolosi ambiri amasokedwa ndi nsalu yosakaniza poliyesitala ndi thonje, imene m'makalata a malonda amailemba kuti 65/35, ndipo imakhala ndi timizere topendekeka pamwamba pake. Ngati kulemera kwa nsalu imene mukugwiritsa ntchito panopa simukukudziwa, dulani chidutswa cha masentimita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi, muchiyeze pa sikelo yoyeza magalamu, kenako muchulukitse kanayi. Chikalemera magalamu 60, ndiye kuti nsalu yanu ndi ya magalamu 240 pa sikweya mita, ndipo m'kalata mudzalemba kuti 240 gsm. M'lifupi musaiwale, chifukwa mamita atatu amene mwawerengera ovolosi imodzi aja ndi oona pa nsalu ya m'lifupi mmene munazolowera basi. Ikabwera yocheperapo, mamita 1,200 sadzakwanira.

Tsopano za yankho lija la "MOQ 3000". Choyamba, silikunena ngati ndi mamita kapena mayadi, ndipo yadi ndi masentimita 91.44, kotero mayadi 3,000 ndi mamita pafupifupi 2,743. Chachiwiri, chimene ndi chachikulu, silikunena ngati chiwerengerocho ndi cha oda yonse kapena cha mtundu umodzi. Fakitale imanyika nsalu m'makina amene amafuna nsalu yochuluka ndithu kuti madzi, utoto ndi nthawi zisawonongeke, ndipo mtundu uliwonse umanyikidwa paokha, makina n'kutsukidwa asanaikemo wina. N'chifukwa chake malire amenewa kawirikawiri amakhala a mtundu umodzi. Ngati zili choncho, oda yanu kwa iwo si mamita 1,200, koma maoda atatu ang'onoang'ono a 600, 400 ndi 200, ndipo ya 200 ija ndiyo idzavute kwambiri.

Komabe musataye mtima musanafunse za nsalu imene ananyika kale ndipo ili m'nyumba yawo yosungira katundu. Mitundu imene imagulidwa kwambiri, monga buluu wodera, mafakitale ena ndi ogulitsa akuluakulu amaisunga, ndipo imeneyo akhoza kukugulitsani pa mipukutu. Choncho funso la nsalu yochepetsetsa mulilembe patatu: ya mtundu umene ulipo kale, ya mtundu wochita kunyika mwapadera, ndiponso ngati amalola oda yosafika pa malire awo munthu akawonjezera ndalama pa mita iliyonse.

Mayi Nankhoma

Ine nkhani ya masampulo inandipweteka chaka chatha. Kampani ina inanditumizira kachidutswa kokongola kwambiri, ndinalipira, koma mipukutu itafika inali yotuwirako poyerekeza ndi sampulo ija, ndipo titachapa mayunifolomu oyamba, miyendo ya mathalauza inafupika. Nditadandaula anandifunsa umboni, koma kachidutswa kaja ndinali nditakataya. Mukalandira katundu wolakwika, mujambule zithunzi tsiku lomwelo mipukutu isanadulidwe, chifukwa nsalu yodulidwa kale savomera kuibweza.

Bambo Mbewe

Pepani ndi zimene zinakuchitikirani, Mayi Nankhoma. Mayi Naphiri sanafike pa kudandaula za katundu, koma nkhani yanu ikuonetsa chimene ayenera kupempha m'kalata yoyamba. Mawu akuti sampulo amatanthauza zinthu zosiyana. Pali kachidutswa kakang'ono kongoonera mtundu ndi kukhudza ndi dzanja, kamene nthawi zambiri amapereka ulere, wopempha n'kulipira zotumizira zokha. Pali nsalu ya mamita awiri kapena atatu, yokwanira kuchapa ndi kusoka chovala chimodzi. Palinso tizidutswa timene amanyika mwapadera kuti muvomereze mtundu asananyike oda yonse, ndipo timeneti timabwera pambuyo pake, mutagwirizana kale zambiri. Mukangolemba kuti "masampulo", adzakutumizirani kachidutswa koyamba kaja, kamene sikangakuuzeni ngati nsaluyo imafupika.

Pa maovolosi pemphani mamita atatu a mtundu umodzi ndi tizidutswa ta mitundu inayo. Nsaluyo ikafika, ikani zizindikiro ziwiri motalikirana masentimita 50, m'litali ndi m'lifupi momwe, muichape monga mmene eni maovolosi adzachapire, ndipo ikauma muyezenso. Mukapeza masentimita 48.5, yafupika ndi magawo atatu pa 100 alionse. Muichapire limodzi ndi kansalu koyera kuti muone ngati ikusuluka. Chidutswa china chosachapa muchisunge, mutalembapo tsiku ndi nambala imene fakitale inapatsa nsaluyo. Ndipo m'kalatamo nenani nokha kuti mudzalipira sampulo ndi zotumizira, kenako mufunse ngati ndalama ya sampuloyo adzaichotsere pa oda yoyamba. Mzere umenewu umasiyanitsa wogula ndi munthu wongotolera zaulere, ndipo ndikuganiza kuti kusowa kwake kunathandizira kuti makampani awiri aja akhale chete.

Bambo Chisale

Ndiwonjezere za mtengo, ngati makampaniwo ali kunja kwa dziko lanu. Musangopempha mtengo osanena kuti katundu akaperekedwere pati, chifukwa wina adzakupatsani wa EXW, umene ndi wa katundu ali pakhomo la fakitale yake, wina wa FOB, umene ukuphatikiza kumufikitsa padoko ndi kumukweza m'sitima, ndipo mitengo iwiriyi simungaiyerekeze. Mawu amenewa ali m'malamulo a malonda otchedwa Incoterms 2020, ndipo FOB ndi ya katundu woyenda pamadzi yekha. Ine ndimalembanso mtengo umene ndikufuna kugulira, kuti amene sangaufikire asanditayitse nthawi.

Bambo Mbewe

Za malo operekera katundu ndikugwirizana nanu, a Chisale. Za kutchula mtengo m'kalata yoyamba ndiye ayi, makamaka kwa munthu amene sanaguleko kufakitale. Akatchula wokwera, palibe adzamuuze kuti wakweza, ndipo akatchula wotsika kwambiri, ena adzavomera n'kumupatsa nsalu yopepukirapo kuti ndalama ikwanire.

Bambo Chisale

Zimenezo zimachitikadi ngati kulemera kwa nsalu sikunalembedwe, koma kukalembedwa bwino ine sindinaonepo vuto. Ndikuvomereza kuti ine mitengo ya katundu wanga ndimaidziwa kale, pamene mayiwa akungoyamba kumene.

Mayi Naphiri

Zikomo kwambiri nonse. Ndayeza nsalu yanga ndipo chidutswa chija chalemera magalamu 60. Mtengo sindinautchule ulendo uno. Nayi kalata yatsopano, imene ndidzaimasulire m'chinenero chimene makampaniwo amagwiritsa ntchito:

"Mutu: Nsalu ya maovolosi 65/35, 240 gsm, mamita 1,200, pempho la masampulo ndi MOQ.

Okondedwa a nthambi yogulitsa, kampani yathu imasoka zovala zogwirira ntchito ndipo tikufuna nsalu iyi: poliyesitala magawo 65 ndi thonje magawo 35, ya timizere topendekeka, 240 gsm, masentimita 150 m'lifupi. Oda yoyamba ndi mamita 1,200: buluu wodera 600, wobiriwira 400, wotuwa 200. Chonde tiyankheni mafunso awa.

1. Pa mitundu itatuyi, ndi iti imene muli nayo kale, ndipo mungatigulitse mamita angati ochepetsetsa pa mtundu uliwonse?
2. Pa mtundu wochita kunyika mwapadera, malire anu ndi mamita angati, ndipo mumalola oda yocheperapo tikawonjezera ndalama?
3. Mtengo wa mita imodzi ndi wotani pa mamita 200, 600 ndi 1,200, pa FOB, ndipo udzakhala wosasintha kufikira liti?
4. Pamapita masiku angati kuchokera pamene talipira kufikira katundu atakonzeka?

Tikupempha mamita atatu a buluu ndi tizidutswa ta mitundu inayo. Tidzalipira sampulo ndi zotumizira, ndipo tiuzeni ngati ndalama ya sampulo idzachotsedwe pa oda. Tidzathokoza mukatiyankha pasanathe masiku asanu ndi awiri."

Bambo Mbewe

Kalata imeneyi munthu akhoza kuiyankha mzere ndi mzere. Mukonze zinthu ziwiri musanatumize. Pa masentimita 150 paja munene kuti mukutanthauza m'lifupi mmene mungadule, osawerengera mphepete, chifukwa ena amayeza ndi mphepete zomwe ndipo mumataya masentimita angapo pa nsalu yonse. Komanso mawu akuti "wobiriwira" akadali ngati "yolimba" uja. Ngati amene anakupatsani ntchitoyo ali ndi nambala ya Pantone, imene imasonyeza mtundu weniweniwo, ilembeni, ndipo ngati alibe, nenani kuti mudzatumiza chidutswa cha nsalu yeniyeniyo, chifukwa chithunzi cha pafoni chimasintha mtundu.

Mayi Naphiri

Nambala ya Pantone alibe, choncho ndidzatumiza chidutswa. Chimene chikundivutabe ndi mamita 200 a nsalu yotuwa aja. Akayankha kuti alibe m'nyumba yosungira katundu, sindinasankhe ngati ndidzapemphe mwini ntchito kuti tisinthe mtundu, kapena ndidzagule gawo limenelo lokha kwa opikula amene ndimagulako kale, ngakhale kuti nsalu yake ikhoza kusiyana pang'ono ndi inzake pokhudza.