Awachotsa ntchito ya m'nyumba popanda notisi, kalata palibe: tiyambire pati?

Abale a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Achemwali anga agwira ntchito ya m'nyumba ku Area 47 zaka zitatu zathunthu, malipiro K80,000 pamwezi. Lachiwiri lapitali adona anasowetsa foni, basi madzulo omwewo n'kuwauza kuti alongedze. Sanawafunse kanthu, ya mwezi uno sanapatsidwe. Amagona konko, ndipo amapuma Lamulungu limodzi lokha pamwezi. Chikundiwawa n'chakuti ana a pakhomopo awalera ndi iwowo. Sanasainirane chilichonse. Pamenepa mlandu ulipo?

Nachisale: Pepani, koma popanda kontirakiti ku leba akakubwezani. Lamulo limati bwana azipereka kalata pasanathe mwezi munthu atayamba ntchito.

Bambo a Tadala: Mayi Nachisale, za mwezi umodzizo mwalondola, zili mu gawo 27 la lamulo la zolembana ntchito la 2000. Koma gawo lomwelo limakakamiza olemba anthu asanu kapena kuposa, ndiye khomo la wantchito mmodzi ndi mlonda silikhudzidwa. Komabe kugwirizana pakamwa ndi mgwirizano ndithu. Chofunika ndi umboni woti ankagwira: mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba ngati amalipidwa pafoni, kapena aneba oti akachitire umboni. Munthu wolipidwa pamwezi amayenera notisi ya mwezi umodzi, apo ayi ndalama ya mweziwo. Kuba kumachotsetsa popanda notisi, inde, koma ayambe amumva kaye mbali yake, ndipo wopereka umboni wa chifukwa chochotsera ndi bwana, osati wantchito.

Mwini funso: Zikomo bambo. Amalandira pamanja, koma mlonda wa pomwepo akuwadziwa bwino. Nanga za kupumazo?

Bambo a Tadala: Munthu sayenera kugwira kupitirira masiku 6 otsatizana osapuma maola 24. Tchuthi cha pachaka ndi masiku 18 kwa wogwira masiku 6 pasabata. Palinso giratuwite, ndalama yolandira ntchito ikatha, yomwe ndi 5 peresenti ya malipiro pa mwezi uliwonse umene wagwira. Pa K80,000 ndi K4,000, kuchulukitsa miyezi 36, K144,000. Onjezani notisi ndi masiku a mwezi uno. Apite ku ofesi ya leba ya boma pasanathe miyezi itatu. Zikakanika kumeneko, nkhani imapita ku khoti la za ntchito.

Achimwene a ku Ndirande: Ine ndine mlonda, ndimalowa 6 madzulo kutuluka 6 m'mawa, sabata yonse osadumphitsa. Ndikapempha ofu akuti ndipeze wondigwirira, ndimulipire ndekha. Zimenezi n'zololedwa?

Nagama: Ife tinabedwapo ndi wantchito, ndiye musamangoweruza adonawo. Komanso mlonda wa kwa adonawo angakachitire umboni pamene akudyera pakhomo pomwepo? Ine ndakayika.

Mwini funso: Ndi zimene zikundidetsa nkhawa. Mawa ndikafunsa amayi a pa okala yapafupi, ankawatuma kumeneko tsiku lililonse.